Malipoti a MSE, kupima maganizo a wodwala, wodi ya amuna, chipatala cha Chainama

Bambo Tembo, zaka 34, aku Kanyama, abwera ndi achemwali awo. Zovala zosachapa, sakhala pansi, maso amayang'ana bwinobwino. Kulankhula kothamanga, kuwadula nkovuta. Akuti "ndili bwino maningi", nkhope yosangalala mopitirira.

Kayendedwe ka maganizo: amalumpha nkhani, ndafunsa za tulo ayamba za minibasi, kenako mtengo wa unga, kenako tchalitchi, koma ulusi wake ukuoneka ndithu, mawu opeka palibe, sakuima pakati pa chiganizo.

Zomwe akuganiza: amakhulupirira kuti Mulungu anawapatsa Lusaka yonse, achemwali akatsutsa sagwedezeka olo pang'ono. Zodzipha kapena kuvulaza munthu akana.

Mawu osaoneka mwini sakumva. Tsiku ndi malo akudziwa, koma zoti akudwala sakuvomera.