Tomato wa nthawi ya mvula ku Bvumbwe: mawu a mphindi zitatu kwa oika ndalama

Olankhula ndi awiri, bambo woyang'anira munda ndi mayi wosunga mabuku. Pempho lawo ndi K18,000,000 yomangira mashedi awiri atsopano olimiramo tomato ndi kuika pampu ya sola. Patebulo pakhale tomato awiri ndi kope lolembamo zokolola. Pepala la masamu ligawidwe anthu akungokhala pansi. Zolembedwa kuti "papepala" sizitchulidwa pakamwa, ndi za maso a alendo komanso zoyankhira mafunso mphindi zitatu zikatha.

0:00 mpaka 0:30

(Wa kumunda anyamule tomato m'manja onse awiri, wowola kumanzere.)

WA KUMUNDA: Mwaswera bwanji akuluakulu? Tomato awiriwa ndi a mtundu umodzi. Wakumanzereyu anakulira panja, chinyezi chinamubweretsera chiwawu. Wakumanjayu anakulira m'shedi ya pulasitiki. Mu Okutobala tomato amachita kutayidwa pa msika wa Bvumbwe chifukwa aliyense wa dimba ali naye. Kuyambira Januwale mpaka Epulo amasowa, mtengo n'kukwera. Ife timalima tomato wa miyezi yosowayo.

Papepala: Chiwawu chimakula tsamba likakhala lonyowa nthawi yaitali. Mvula ikamagwa masiku otsatizana, mankhwala opopera amakokoloka asanagwire ntchito, masamba amapsa ngati awauka ndi moto, chipatso n'kuchita zigamba zakuda. Bvumbwe ndi malo okwera, a nkhungu ndi chiperoni, choncho vutoli n'lalikulu kuno. Denga la pulasitiki limatchinga mvula, ndipo madzi amaperekedwa patsinde kudzera m'mapaipi odontheza, tsamba osanyowa.

0:30 mpaka 1:10

WA KUMUNDA: Tili ndi shedi imodzi, mamita 8 mulifupi ndi 30 mulitali, ya mitengo ya tomato 600. Nyengo yathayi inatulutsa makilogalamu 3,900, ndipo ogulitsika anali 3,600. Timakolola masabata 18, makilogalamu 200 pa sabata. Ogula athu ndi malo odyera awiri ku Blantyre ndi golosale imodzi ku Limbe. Onse pamodzi akufuna makilogalamu 600 pa sabata, ndipo makalata awo ali m'manja mwanumo. Msika ulipo kale. Chikutisowa ndi tomato wokwanira.

Papepala: Kalendala ya shedi imayenda motere. Mbewu ya haibulidi yoyanga timafesa m'mathireyi pakati pa Seputembala, n'kuwokera pakati pa Okutobala itakwana masabata anayi. Mizere iwiri pa bedi, masentimita 45 pakati pa mitengo. Mtengo uliwonse umakwera chingwe chimodzi cholendewera pa waya wa mamita awiri, ndipo mphukira za m'khwapa timaphata sabata iliyonse zisanatalike kuposa chala, chifukwa zikasiyidwa zimadya chakudya cha chipatso n'kutseka mphepo. Powokera timathira manyowa owolerana ndi D kompaundi, kenako CAN pang'onopang'ono. Kukolola kumayamba kumapeto kwa Disembala, Lolemba ndi Lachinayi, tomato atangoyamba kufiira kuti asaphwanyike m'makireti. Katundu amafika m'tauni tsiku lomwelo.

Tomato akatha kumayambiriro kwa Meyi timazula ndi mizu yomwe n'kutentha, n'kubzala letesi ndi anyezi wamasamba mpaka Ogasiti. Mu Seputembala nthaka imathiriridwa, n'kufunditsidwa pulasitiki yoyera masabata anayi mpaka asanu kuti dzuwa lichepetse tizilombo totupitsa mizu. Tsabola ndi mabiringanya sitibzalamo, chifukwa ndi abale a tomato ndipo matenda awo ndi amodzi.

Makilogalamu 300 osagulitsika aja, ambiri anali owola kunsi. Izi zimachitika mtengo ukamwa lero mawa n'kukhala ndi ludzu, kashiamu osafika kuchipatso. Pampu yomwe ilipo ndi ya petulo, ndiye mafuta akasowa kuthirira kumadukiza. N'chifukwa chake pempholi lili ndi pampu ya sola.

1:10 mpaka 1:50

(Wa mabuku atsegule kope, aloze mzere womaliza.)

WA MABUKU: Masamu a shedi imodzi ndi awa. Tinagulitsa pa K1,700 pa kilogalamu tikaphatikiza mitengo yonse, n'kupeza K6,120,000. Zolowa zinali K3,000,000, ndipo K400,000 timaika padera yosinthira pulasitiki. Phindu ndi K2,720,000. Letesi ndi anyezi zinawonjezera K600,000. Tikawonjezera mashedi awiri, phindu la mashedi atatu ndi K9,960,000 pa chaka. Kuti tibweze zolowa ndi ya pulasitiki ija, mtengo ufunika kukhala pafupifupi K950. Nyengo yonse sunatsikepo K1,300.

Papepala: Zolowa za K3,000,000 zinagawika chonchi. Mbewu, mathireyi ndi dothi lofesera K350,000. Feteleza ndi manyowa K700,000. Mankhwala ndi misampha K300,000. Wantchito mmodzi, miyezi 8 pa K130,000, K1,040,000. Mayendedwe ndi petulo wa pampu K450,000. Makireti ndi zingwe K160,000. Shedi iliyonse yatsopano tayiwerengera wantchito wakewake, chifukwa munthu mmodzi sangaphate, kumanga ndi kuthyola mitengo yoposa 600 popanda china kutsalira. Ndalama ya petulo yomwe sola idzapulumutse sitinayichotse m'masamuwa, isanduke chotchingira pomwe feteleza wakwera.

Tayesanso nyengo yoipa. Mtengo utatsika kufika K1,400, shedi imodzi ingapereke K5,040,000, phindu la tomato n'kukhala K1,640,000. Mashedi atatu pamodzi ndi letesi angapereke K6,720,000 pa chaka. Bizinesi ikhalabe ikupindula, koma ndalama yanu ingabwerere pa zaka zinayi ndi theka m'malo mwa zitatu.

1:50 mpaka 2:20

WA KUMUNDA: Zoopsa tikuzidziwa, ndi zitatu. Mbozi ya tuta, matenda ofotetsa a m'nthaka, ndi mphepo. Tuta timayitchinga ndi ukonde, zitseko ziwiri ndi misampha yomwe timawerenga m'mawa uliwonse. Pakhomo pali beseni la mankhwala lopondamo aliyense wolowa. Za mphepo, dera lino linaona namondwe Freddy mu 2023, choncho nsanamira zonse ndi zachitsulo, zozikidwa m'simenti.

Papepala: Tuta ndi kagulugufe kakang'ono kotuwa, mbozi yake imadya m'kati mwa tsamba n'kusiya zigamba zowonekera ngati pepala, kenako imaboola chipatso pafupi ndi kanthenthe. Imazolowera mankhwala msanga, ndiye kupopera mtundu umodzi sabata ndi sabata ndi kutaya ndalama. M'shedi iliyonse timaika misampha iwiri ya fungo lokopa amphongo. Chiwerengero cha ogwidwa chikayamba kukwera timathothola masamba odyedwa, kuwamangira m'jumbo, n'kupopera madzulo, ndipo gulu la mankhwala timasintha pakatha mwezi. Masiku odikira asanathyole tomato amatsatidwa monga alembera pa botolo, ndipo tsiku lililonse lopopera lili m'kope, chifukwa ogula a malo odyera amafunsa.

Matenda ofotetsa ndi omwe angathetse shedi yonse, ndipo alibe mankhwala. Mtengo umafota masana masamba akadali obiriwira. Poyeza timadula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera. Pakatsika utsi woyera ngati mkaka, ndi omwewo. Mtengowo umazulidwa ndi dothi lake ndi oyandikana nawo, ndipo paipi ya pamalopo imatsekedwa. Malo a mashedi atsopano sanalimidwepo tomato, mbatatesi kapena fodya kwa zaka zisanu. Madzi ndi a pachitsime cha pamunda, osati a mumtsinje wodutsa m'madimba a anthu ena, momwe matendawa amayenda. Mipeni yophatira imaviikidwa m'jiki pochoka mzere kupita mzere wina.

Nsanamira zimalowa pansi masentimita 60. Pulasitiki ndi ya maikuloni 200 yopirira dzuwa, imakhala zaka zitatu mpaka zinayi ikakokedwa bwino. Yolefuka imakupiza ndi mphepo n'kung'ambikira pa chitsulo, ndiye imakokedwa masana kukutentha ndipo pokhudzana ndi chitsulo timakulunga tepi. Kuzungulira shedi pali ngalande yotaya madzi a padenga. Akangaude ofiira amabwera kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, n'chifukwa chake mbali zonse ndi za ukonde kuti mphepo izidutsa.

2:20 mpaka 3:00

Papepala: K18,000,000 idzagwira ntchito izi. Mashedi awiri a mamita 8 ndi 30, iliyonse K5,500,000, pamodzi K11,000,000. Pampu ya sola, thanki ya malita 5,000, nsanja yake ya mamita atatu, sefa ndi mapaipi odontheza K3,500,000. Mbewu, feteleza, mankhwala ndi malipiro a mashedi awiriwo mpaka tomato woyamba atagulitsidwa K2,800,000. Yosungira zadzidzidzi K700,000. Mtengo wa tomato wobereka umamwa malita awiri pa tsiku, mashedi atatu ndi malita 3,600, ndiye thankiyo imakwana tsiku limodzi ndi kutsalako ngakhale kuli mitambo. Sefa imatsukidwa tsiku lililonse, apo ayi timabowo ta mapaipi timatseka ndi matope ndipo mitengo ya kumapeto kwa mzere imayamba kufota.

Ndalamayi iperekedwe kawiri. K14,500,000 pofika pa 15 Julayi 2025, yolipiridwa mwachindunji kwa omanga mashedi ndi ogulitsa pampu malinga ndi makoteshoni omwe taphatikiza. K3,500,000 yotsala pa 1 Seputembala, mutabwera kudzaona kuti mashedi aima ndipo madzi akutuluka. Zitsulo, pulasitiki ndi sola zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023 mitengo ya katundu wotere inasintha nthawi yomweyo. Makoteshoniwa ndi a masiku 30 okha. Gawo lanu tawerengera pa phindu osati chiwongola dzanja chokhazikika, kuti mtengo wa tomato ukakwera, yanunso ikwere.

Bizinesiyi ndi yolembetsedwa ku boma ndipo ili ndi nambala ya msonkho ya MRA. Malo ali pa mgwirizano wolemba wa zaka 10, wochitiridwa umboni ndi amfumu. Akaunti ya kubanki imafuna masiginecha awiri. Lipoti la zokolola ndi zogulitsa muzilandira pa 5 mwezi uliwonse, gawo lanu pa 31 Meyi ndi pa 30 Seputembala. Mashedi awiriwo ndi pampu zidzakhala chikole chanu mpaka K18,000,000 itabwerera yonse.

(Wa mabuku atseke kope, ayang'ane alendo. Alankhule modekha.)

WA MABUKU: Akuluakulu, pempho lathu ndi ili. Tikupempha K18,000,000 yomangira mashedi awiri ndi kuika pampu ya sola. Inu muzitenga magawo 60 pa 100 a phindu la mashedi onse atatu mpaka ndalama yanu itabwerera, zomwe pa masamu athu ndi zaka zitatu. Kenako muzitenga magawo 25 pa 100 kwa zaka zina zitatu. Kuti tomato apse mu Disembala, kumanga kuyambe mu Julayi. Choncho tikukuitanani kumunda ku Bvumbwe Loweruka pa 14 Juni, 9 koloko m'mawa, mudzaone shedi ndi mabuku onse, ndipo tikupempha yankho lanu pa K18,000,000 imeneyi pofika pa 30 Juni. Zikomo kwambiri.