Uthenga kwa anthu a m'mudzi: chigwembe cha kunjira ya kudimba

Amayi ndi abambo, chigwembe chotsika m'phiri chija chafika pa njira ya kudimba. Ife a komiti yoona zachilengedwe, pamodzi ndi alangizi a zaulimi, tikupempha kuti tichigwirire ntchito mvula ya Novembala isanayambe.

Kuno ku Ntcheu minda yambiri ili pamtsetse. Pamene pali udzu, masamba ndi mapesi, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono. Koma pamene tadula mitengo, tatentha tchire posaka mbewa, kapena ziweto zadya mpaka kutsala dothi lokha, madontho amamenya dothi n'kutseka timabowo take. Madzi amasowa polowa, amasonkhana m'njira za anthu ndi ng'ombe, m'malire a minda ndi m'mizere yoloza kumunsi. Liwiro lawo likawonjezeka kawiri, mphamvu yake imawonjezeka kanayi.

Chigwembe chimakula chobwerera kumtunda. Kumutu kwake madzi amagwa ngati mathithi, n'kufukula pansi, dothi lapamwamba n'kugumukira momwemo. N'chifukwa chake kutayamo zinyalala kumunsi n'kutaya nthawi chabe.

Tiyambire kumtunda. Eni minda ya pamwamba akonze akalozera, mizere itsate akalozerawo, aikenso ngonyeka kuti madzi aime m'munda. Mapesi asatenthedwe. Mvula ikakhazikika, tibzale vetiva motsata akalozera, motalikana masentimita 10 mpaka 15. Mukasiya mpata waukulu madzi amadzera pomwepo ndipo pamabadwa kachigwembe kena.

Kumutu kwa chigwembe tigumule phompho kuti likhale lotsetsereka, tiyalepo miyala.

M'kati mwa chigwembe timange machekidamu, omwe ndi timakoma topingasa njira ya madzi. Akhale a miyala, kapena a zikhomo mizere iwiri yothinitsa nthambi pakati. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Chekidamu isapitirire theka la mita kutalika, chifukwa ntchito yake si kusunga madzi koma kuwachepetsa liwiro kuti asiye dothi. Pakati pakhale potsika kuposa m'mbali. Mukalinganiza, madzi amazungulira n'kudya khoma. Ilowe pansi ndi m'makoma onse awiri masentimita 30 kapena kuposerapo. Kumunsi kwake yalani miyala yoti madzi azigwerapo, apo ayi adzaifukula n'kuigwetsa. Potalikitsa, msonga ya chekidamu yakumunsi ilingane ndi tsinde la yakumtunda, kotero potsetsereka kwambiri zimakhala zothithikana. Zing'onozing'ono zambiri zimaposa imodzi yaikulu, yomwe ikagumuka imakokolola zonse.

Dothi likadzaza kuseri kwake, bzalanimo vetiva, nsenjere, nsungwi kapena nthochi, pakuti zikhomo zimaola ndipo chiswe sichizisiya. Musalime mpaka m'mphepete, ndipo mbuzi zisalowemo.

Tikumane Lachiwiri m'mawa kumutu kwa chigwembe. Bwerani ndi makasu, mapiki, zikwanje ndi mawilibala. Mvula yamphamvu ikagwa, komiti idzayendera machekidamu onse tsiku lotsatira, ndipo pogumuka tidzakonza nthawi yomweyo.