Ndondomeko ya masabata anayi yokonzekera mayeso olowera ntchito kubanki

Alamu,

Kalata ya akubanki ija ndaiwerenga. Mayeso ndi Loweruka la sabata yachinayi, 9 koloko m'mawa, pakompyuta muli kunyumba. Magawo alipo atatu: masamu, mafunso 20 m'mphindi 20, Chingerezi, mafunso 30 m'mphindi 20, zithunzi zotsatizana, mafunso 15 m'mphindi 15. Kakyuleta alola. Masamu akewo ambiri munawaphunzira kusekondale, koma chimene chimagwetsa anthu ndi wotchi. Funso la masamu muli nalo mphindi imodzi yokha, la Chingerezi masekondi 40. Ndondomekoyi ndi yokuzolowezani liwiro limenelo.

Nthawi yowerengera

Usiku ayi. Mukaweruka 5 koloko, kuphika, kusambitsa wamng'onoyo, kuona homuweki ya wamkulu, mutu umakhala utatopa kale. Lolemba mpaka Lachisanu muzidzuka ana asanadzuke, muwerenge kuyambira 5:00 mpaka 5:45. Pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito tenganipo mphindi 15 zoyankha mafunso pafoni. Loweruka ndi maola awiri, 8 mpaka 10 koloko, ndipo ndalankhula kale ndi achimwene kuti nthawi imeneyo ana azikhala nawo iwo, kunja kwa nyumba. Lamulungu musakhudze buku. Zonse pamodzi ndi maola 7 pa sabata, ndipo akwana.

Gulani kope limodzi loti muzilembamo mafunso okhawo amene mwalakwa. Pansi pa funso lililonse muzilemba chifukwa chake: simunadziwe njira, simunawerenge bwino funso, kapena nthawi inakutherani. Mankhwala a zitatuzi ndi osiyana.

Sabata yoyamba

Lolemba lembani gawo la masamu la mayeso oyeserera, wotchi ili patebulo, musanabwereze chilichonse. Lachiwiri lembani magawo awiri enawo. Malikisi adzakhala otsika, musadabwe nazo; tikungofuna kuona pamene pali pofooka. Lachitatu mpaka Lachisanu ndi maperesenti basi. Lowezani izi pamtima kuti musamathamangire kakyuleta pa chilichonse: 1/8 ndi 12.5%, 1/5 ndi 20%, 1/4 ndi 25%, 1/3 ndi 33.3%, 3/8 ndi 37.5%. Njira yopezera kusintha kwa nambala ndi iyi:

```
(yatsopano - yakale) / yakale x 100
```

Nthawi zonse mumagawa ndi nambala yakale. Kuchoka pa 80 kufika pa 100 ndi kukwera kwa 25%, koma kuchoka pa 100 kubwerera pa 80 ndi kutsika kwa 20%. Loweruka yankhani mafunso 40 a maperesenti, kenako muone bwinobwino amene mwalakwa.

Sabata yachiwiri

Iyi ndiyo sabata yolemera, ndipo ngati pali ina yoti musaphonye tsiku ndi imeneyi.

Lolemba ndi Lachiwiri, chiwongoladzanja. Pali chimene amawerengera pa ndalama yoyamba yokha, ndi chimene chaka chilichonse chimaonjezeredwa pa ndalamayo kuti nachonso chibereke:

```
I = P x R x T / 100
A = P x (1 + R/100)^n
```

P ndi ndalama yoyamba, R ndi peresenti ya pachaka, T ndi n ndi zaka, I ndi chiwongoladzanja chokha, A ndi ndalama yonse pamapeto. Munthu akasunga 50,000 kwa zaka ziwiri pa 10%, njira yoyamba ipereka 60,000 pamodzi ndi ndalama yake, yachiwiri 60,500. Mayankho onse awiri mudzawapeza pa mndandanda wosankhapo, dala, choncho muziyamba mwaona kuti funso likufuna chiti.

Lachitatu, maperesenti obwerera m'mbuyo. Akati ndalama yafika 460 itakwera ndi 15%, ambiri amachotsa 15% pa 460 n'kupeza 391. Ndi kulakwa kumeneko. Gawani 460 ndi 1.15, mupeza 400. Msampha wina wa mtundu womwewo: chinthu chikakwera ndi 20% kenako n'kutsika ndi 20%, sichibwerera pamene chinali. 100 imafika 120, kenako 96.

Lachinayi, kugawa mwa magawo ndi kusintha ndalama za maiko. Anthu awiri akamagawana 75,000 mwa 3:2, magawo onse ndi 5, gawo limodzi ndi 15,000, wina atenga 45,000 wina 30,000. Pa kusintha ndalama, musanawerengere dzifunseni ngati yankho liyenera kukhala lalikulu kapena laling'ono kuposa nambala imene mwapatsidwa. Mukatero mudziwa msanga ngati n'kochulukitsa kapena kugawa.

Lachisanu ndi Loweruka, matebulo ndi magirafu. Apa m'pamene nthawi imathera, chifukwa tebulo limakhala ndi manambala ambiri pamene funso likufuna awiri kapena atatu. Yambani ndi funso, kenako mutu wa tebulo, muone ngati manambalawo ali m'masauzande kapena m'mamiliyoni, ndiye mufufuze mzere umene mukufuna. Mayankho osankhapo akatalikirana, ingoyerekezani: 4,980 muitenge ngati 5,000.

Kakyuleta muzigwiritsa ntchito yomweyo imene mudzalembere mayeso, osati ya pafoni, zala zizolowere mabatani ake.

Sabata yachitatu

M'mawa wa Lolemba mpaka Lachitatu ndi Chingerezi. Amakupatsani ndime, kenako chiganizo choti musankhe True, False kapena Cannot Say. Chovuta ndi chachitatucho. Inu mwagwira ntchito ya maakaunti nthawi yaitali, ndiye mudzafuna kuyankha ndi zimene mukudziwa kale. Musatero. Ndime ikanena kuti nthambi zina za banki zimatsegula Loweruka, chiganizo n'kunena kuti nthambi zambiri zimatsegula Loweruka, yankho ndi Cannot Say, ngakhale inu mutadziwa kuti n'zoona. Muzisamala ndi timawu ngati all, some, most, only, may ndi must, poti yankho limagona pamenepo.

Lachinayi ndi Lachisanu, zithunzi. Pa funso lililonse onani zinthu izi chimodzichimodzi: chiwerengero cha zinthu, kumene zikutembenukira, mtundu wake, ndi malo amene zasunthira. Gawoli ena amalinyoza, koma ndi limene munthu amalizolowera msanga akaliyeserera. Masamu musawasiye: mphindi 15 za nkhomaliro zikhale za mafunso a m'kope lija.

Loweruka lembani mayeso onse atatu mondondozana, mphindi 55 osaima, palaputopu imene mwabwereka kwa mnzanu wakuntchito uja. Ola lotsalalo likhale loona zolakwa.

Mwana akadwala kapena kuntchito akakuchedwetsani kumapeto kwa mwezi, tsiku limenelo lapita basi. Musalibweze pogona mochedwa. Pitirizani pamene munalekera, ndipo ngati pafunika kudumpha china, dumphani zithunzi, osati masamu.

Sabata yachinayi

Palibe chatsopano. Lolemba ndi Lachitatu lembani mayeso oyeserera, mudzuke 4:50 kuti mphindi 55 zikwane. Lachiwiri ndi Lachinayi bwerezani mafunso a m'kope, makamaka amene mwawalakwa kawiri. Muzolowere lamulo ili: funso la masamu likadya masekondi 90, sankhani yankho loyandikira mupite kwina. Kalata ija sinanene ngati amachotsa malikisi munthu akalakwa, choncho mudzawerenge malangizo a patsamba loyamba. Ngati sachotsa, musasiye funso lopanda yankho.

Lachisanu musawerenge. Tchajani laputopu, yesani intaneti ndi linki imene anakutumizirani, gulani bandulo yapadera pafoni kuti ikhale yodalira netiweki ikavuta. Ikani pamodzi chiphaso chanu, kakyuleta, mapepala ndi mapensulo awiri. Ana ndidzawatenga ine Lachisanu madzulo adzagone kwathu, ndipo ndidzawabweza Loweruka masana. Pakompyuta mudzakhalepo 8:30.

Malikisi a Lolemba ndi Lachiwiri likubwerali munditumizire, kuti ngati Chingerezi ndicho chikuvuta kwambiri tisinthanitse sabata yachiwiri ndi yachitatu.

Ndine mlamu wanu.