Pempho loti mundimasulire zotsatira za sikani ya mu Juni 2021

Kwa a Dokotala oyang'anira chipatala,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse amene mukugwira nawo ntchito kumeneko ku Zomba. Dzina langa ndine Tiyamike Nkhoma, kwathu ndi ku Matawale, koma pakadali pano ndili pasukulu mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Ndakulemberani kuti ndikupempheni mundifotokozere m'mawu osavuta zimene zinalembedwa pa lipoti la sikani imene ndinajambulitsa pachipatala chanu pa 14 Juni 2021.

Nthawi imeneyo ndinabwera chifukwa ndinkaona magazi kumapeto kwa mkodzo, komanso ndinkamva kupweteka m'chiuno cha kumanzere. Ndinakulira kwa agogo anga kufupi ndi doko la Kachulu, kumene tinkasamba m'nyanja ya Chilwa ndi kuthandiza kuwokera mpunga, choncho mkodzo utayezedwa ndi kupezeka ndi mazira a likodzo palibe amene anadabwa. Anandipatsa mapiritsi a prazikwantelo, ndinamwa onse tsiku limodzi nditadya nsima monga anandilangizira, ndipo patapita masabata ochepa magazi aja analeka. Za sikaniyo ndikukumbukira kuti anandiuza ndimwe madzi ambiri osapita kukataya, kenako anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kumayendetsapo kachipangizo kwinaku akuyang'ana pa kanema. Pepala la zotsatira ndinangolipinda n'kuliika m'kabuku ka kuchipatala osafunsa kanthu, popeza ndinali nditayamba kupeza bwino.

Kwa masabata atatu tsopano ululu wa kumanzere uja wabwereranso, ngakhale magazi sindikuwaona. Dokotala wa kuno wandipatsa tsiku loti ndikaonane naye pa 28 Novembala, ndipo wapempha kuti ndikabwere ndi mbiri yonse ya matenda anga akale. Nthawi yoonana ndi dokotala kuno imakhala yochepa kwambiri, komanso likodzo si matenda amene amakumana nawo kawirikawiri, motero ndikufuna ndikafike ndikudziwa choti ndinene. Amayi anga alipeza pepalalo n'kulijambula pa foni, ndipo chithunzicho ndachiphatikiza ku kalatayi. Nambala ya fayilo yanga ikuoneka bwino pamwamba, koma mzere womaliza wafufutika pamene panapindidwa, ndipo chidindo chinagwera pa mawu ena.

Mzere umene wandisowetsa tulo ndi wonena za impso ya kumanzere, pamene palembedwa mawu akuti haidronefrosisi, n'kuwonjezera kuti ndi yapang'ono. Ndayesa kuwerenga ndekha ndipo ndamva kuti ndi kutupa kwa impso chifukwa mkodzo sukutsika bwino, koma zimene ndawerengazo zangondiwonjezera mantha m'malo mondikhazika mtima pansi. Kodi kutupa kumeneku kunayamba chifukwa cha likodzo lomwe lija? Nanga kumatha kokha munthu akamwa mankhwala, kapena kumafunika kuunikanso? Lipotilo likusonyezanso kuti impso ya kumanja inali masentimita 10.2 pamene ya kumanzere inali masentimita 11.4, ndiye ndikufuna kumva ngati kusiyana koteroko kuli kwachibadwa kapena ndi chizindikiro cha kutupa komweko.

Palembedwanso kuti khoma la chikhodzodzo linali lokhuthala, mamilimita 7. Ndikupempha mundiuze muyeso umene umayembekezeka kwa munthu wabwinobwino, ndiponso ngati kukhuthala kotere kumasiya chipsera chimene dokotala wa kuno ayenera kuchidziwa. Pa mzere wofufutika uja ndikutha kuwerenga nambala 6 yokha. Ngati pamanena kuti ndinayenera kubweranso patatha miyezi 6, ndivomereze kuti sindinabwere, ndipo ndingakonde kudziwa chimene chinayenera kuyezedwa pa ulendo umenewo.

Ndikudziwa kuti simungandipime muli kutali, ndipo sindikupempha mankhwala. Chimene ndikufuna ndi kumva tanthauzo la zimene munaona tsiku limene lija, m'Chichewa chimene ngakhale amayi anga angamve, chifukwa nawonso ali ndi nkhawa ndipo akumandiimbira foni tsiku ndi tsiku. Ngati zithunzi za sikaniyo kapena kope la lipoti zinasungidwa, ndingathokoze mutanditumizira, pamodzi ndi mizere ingapo ya m'Chingerezi imene ndingakapereke kwa dokotala wa kuno.

Ngati malamulo a chipatala salola kutumiza zotsatira za wodwala pa imelo, ndikupereka chilolezo kuti amayi anga adzatenge m'malo mwanga. Adzabwera ndi kabuku kanga ka kuchipatala ndi chiphaso chawo cha unzika, ndipo adzalipira ngati pali ndalama yofunika. Mukaona kuti n'kwapafupi kulankhulana pakamwa, ndingakuimbireni pa WhatsApp nthawi imene mungasankhe. Kuno tili m'mbuyo ndi maola awiri, ndipo Lachitatu lililonse ndilibe makalasi.

Ndithokoza kwambiri ngati yankho lanu lingandipeze pasanafike pa 25 Novembala.

Ine wanu,
Tiyamike Nkhoma