Chifukwa Chiyani Tikumbukirabe Kutha kwa Ukapolo? Mawu a Mphunzitsi wa Mbiri pa Tsiku la Mbiri, Nkhotakota

Agulupu ndi mafumu onse, aphunzitsi aakulu, akomiti ya sukulu, makolo, aphunzitsi anzanga, ndi inu ana athu, zikomo kwambiri pobwera. Ndapemphedwa kuti ndiyankhule pa funso limene ophunzira amandifunsa chaka chilichonse tikafika pa mutu wa ukapolo: "Aphunzitsi, zimenezi si zinatha kalekale? Nanga tikuziphunziriranji?" Funsoli ndi labwino, ndipo yankho loti "zimabwera pa mayeso" silokwanira.

Ife a kuno ku Nkhotakota sitingayambire nkhaniyi kutsidya kwa nyanja zazikulu, chifukwa inachitikira pa mchenga womwewu umene timayanikapo usipa. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdullah, amene timamudziwa ndi dzina loti Jumbe, anakhazikika kuno nayamba malonda a minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawasonkhanitsa pano, kuwakweza m'zombo, kuwaolotsa nyanja, kenako kuwayendetsa pansi miyezi itatu kapena inayi mpaka ku Kilwa, doko la kugombe la nyanja yamchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kuchoka kumeneko ambiri ankakagulitsidwa pa msika wa ku Zanzibar. Nthumwi ya Britain ku Zanzibar inauza David Livingstone kuti akapolo pafupifupi 19,000 ochokera kuchigawo cha nyanja yathu ino ankadutsa kumeneko chaka chilichonse. Amenewo ndi amene anakafika amoyo. Ofera m'njira panalibe wowawerenga.

Ndikufuna muone m'maganizo mwanu mmene ulendowo unkakhalira. Bambo ankamuveka goli, mtengo wautali wa mphanda, khosi lili pakati pa mphandayo ndipo kumbuyo atatseka ndi chitsulo. Ankagona nalo, kudzuka nalo. Amayi ndi ana ankawamanga ndi zingwe, wina kumbuyo kwa mnzake, katundu ali pamutu. Wofooka ankamusiya kapena kumupha kuti ena aone. Mu 1861, pamudzi wa Mbame kufupi ndi kumene lero kuli Blantyre, gulu la Livingstone linakumana ndi mdipiti wotere, ndipo oyendetsa akapolowo atathawa, anthu 84 anamasulidwa. Magoli anachita kuwadula ndi sowo. Anthu amenewa ndiwo anali oyamba kukhala pa mishoni ya Bishopu Mackenzie ku Magomero.

Pali chinthu chimene ena safuna kuti chinenedwe, koma ine ndichinena chifukwa ana ayenera kumva zoona. Ogula anachokera kutali, inde, koma ogwira ndi ogulitsa ambiri anali anthu a dziko lomwe lino. Mafumu ena analemera ndi malondawa, ankalandira mfuti, onga, nsalu ndi mikanda. Pa nthawi ya njala, munthu ankatha kusinthanitsidwa ndi chimanga. Pakati pathu pano pali zidzukulu za ogwidwa, palinso zidzukulu za ogwira, ndipo ambirife magazi onse awiri ali mwa ife. Sindikunena izi kuti tilozane zala kapena tinyoze mtundu wina ngakhale chipembedzo china. Ndikunena kuti tidziwe kuti amene ankachita zimenezi anali anthu wamba, okonda ana awo, amene ankangoona ngati ndi geni monga geni ina iliyonse. Chimene chimandiopsa ine n'chimenecho.

Tsono ukapolo unatha bwanji? M'mabuku mumaloweza zaka. Mu 1807 Britain inaletsa malonda a akapolo, mu 1833 inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ambiri amene inkalamulira. Amereka inatsatira mu 1865 itamenya nkhondo yapachiweniweni, Brazil mu 1888. Koma taonani, Jumbe anayamba malonda ake kuno patapita zaka zoposa 30 chikhazikitsireni lamulo la 1807. Msika wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, komabe midipiti inapitirira kudutsa mozemba. Ku Karonga, Mlozi, wamalonda a akapolo wotchuka, anagonjetsedwa mu Disembala 1895. Lamulo lolembedwa papepala silinamasule munthu tsiku lomwelo. Panafunika anthu oumirira, m'badwo ndi m'badwo.

Ndipo musaganize kuti ufuluwo akapolo anangoupatsidwa ali phee. Ku Haiti, mu Ogasiti 1791, akapolo a m'minda ya nzimbe anaukira, namenya nkhondo mpaka dziko lawo linadziimira palokha mu 1804. N'chifukwa chake bungwe la UNESCO linasankha 23 Ogasiti kukhala tsiku lokumbukira malonda a akapolo ndi kutha kwake. Olaudah Equiano, yemwe anali kapolo, analemba mbiri ya moyo wake mu 1789 ndipo inatsegula maso a anthu ambiri ku Britain. Kunonso anthu ankathawa, kubisala m'mapiri, kumanga malinga kuzungulira midzi yawo. Maina awo sanalembedwe, koma nawonso anakana.

Chilungamo sichinakwanire ngakhale pa kumasulako. Britain inapereka mapaundi 20 miliyoni monga chipepeso, koma kwa eni akapolo. Amene anakhetsa thukuta ndi magazi sanalandire kalikonse. Kuno kwathu, atsamunda amene anamanga malinga ku Mangochi ndi ku Mulanje kuti atseke njira za akapolo ndi omwewonso analola thangata, anthu kugwira ntchito yokakamiza m'minda ya azungu pa nthaka ya makolo awo. Magomero yemwe uja, kumene omasulidwa a 1861 anakapumira, ndi kumene nkhanza za thangata zinafika poti John Chilembwe ndi anthu ake anaukira mu Januwale 1915.

Ana inu, apa mundimvetsere bwino, chifukwa ndafika pa inu. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lathu limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu. Malamulowa sakanalembedwa vutolo likanakhala kuti kulibe. Mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo ya anthu ochokera ku Ethiopia amene ankadutsa m'dziko muno mozembetsedwa. Mwamvanso za amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, atafika kumeneko n'kulandidwa mapasipoti, kumagwira ntchito usana ndi usiku osaloledwa kuchoka. Pafupi pomwe pano, mumadziwa ana amene anasiya sukulu n'kutengedwa kukaweta ng'ombe kapena kukasoka fodya, malipiro ake n'kumangomva kuti mawa. Wobwera kudzakutengani lero sabwera ndi goli. Amabwera atavala bwino, foni ili m'manja, n'kunena kuti, "Za thiransipoti musadandaule, mudzabweza mukayamba kulandira." Ngongole imeneyo ndi imene imamanga munthu.

Choncho wina akakulonjezani ntchito kutali, funsani dzina la kampani, malo ake enieni, ndi pepala la mgwirizano. Pasipoti kapena chitupa chanu musapereke kwa wina kuti akusungireni. Uzani makolo, amfumu, mphunzitsi, kapena pitani ku ofesi ya zantchito ngakhale kupolisi musananyamuke. Makolo, umphawi ndi wowawa, tonse tikuudziwa, koma mwana asachoke pakhomo ndi munthu amene simungathe kumulondola. Mafumu athu, mawu anu amamveka kuposa anga, chonde nkhaniyi muziikamba pa misonkhano ya m'midzi.

Madzulo ano a fomu 3 ndi fomu 4 tipita limodzi pa mkuyu umene Livingstone anakambirana ndi Jumbe. Ntchito yanu ya sabata ino ndi iyi: mukafunse agogo anu zimene anamva kwa agogo awo za nthawi imeneyo, kumene mtundu wanu unathawira, amene anatengedwa osabweranso. Mulembe monga momwe akuuzirani, ndipo Lolemba mubwere nazo, tizisunge mu laibulale ya sukulu.

Zikomo kwambiri.