Yankho kwa Tadala pa za mafupa ouma a m'buku la Ezekieli

Tadala,

Kalata yako ndailandira. Wafunsa ngati masomphenya a pa Ezekieli 37:1-14 akunena za kuuka kwa akufa pa tsiku lomaliza, monga unamvera pa ulaliki wa pamaliro. Kwa anthu amene anawamva koyamba, nkhani sinali imeneyo. Masomphenyawa ankanena za mtundu wa Aisraele umene unali ku ukapolo ku Babulo, utataya mtima, ndipo Mulungu ankaulonjeza kuti udzakhalanso ndi moyo nkubwerera kwawo.

Zimenezi sindikuzipeka ine. Werenga vesi 11, pamene Mulungu mwini wake akumasulira: mafupawa ndi nyumba yonse ya Israele. Vesi lomwelo likutiuza zimene anthuwo ankadandaula, kuti mafupa awo auma, chiyembekezo chawo chatha, iwo atheratu. Choncho Mulungu anatenga dandaulo lawo lomwelo nkumuonetsa mneneri ndi maso.

Chinawafikitsa pamenepo nchiyani? Ezekieli anali wansembe, mwana wa Buzi. Nebukadinezara mfumu ya Ababulo anamutengera ku Babulo pamodzi ndi Yehoyakini mfumu ya Yuda m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, ndipo ankakhala ndi anzake pafupi ndi mtsinje wa Kebara. Yerusalemu ali chiimire, akapolowo ankadzilimbitsa mtima kuti abwerera posachedwa. Koma patapita zaka pafupifupi khumi, Ababulo anagwetsa mzindawo nkutentha Kachisi. Pa 33:21 munthu wopulumuka akufika ndi uthenga woti mzinda wagwa. Dziko lapita, ufumu wa banja la Davide watha, malo operekera nsembe asanduka phulusa. Mutu 37 ukulankhula kwa anthu amene amva uthenga umenewo.

Uonetsetse mmene chigwa cha m'masomphenyawa chilili. Mafupa ndi ambirimbiri, ali pamtunda osaikidwa m'manda, ndipo ndi ouma kwambiri, kusonyeza kuti eni ake anafa kalekale. Vesi 9 likuti anali anthu ochita kuphedwa. Kwa Mwisraele, mtembo kusiyidwa pamtetete linali temberero, monga likunenera Deuteronomo 28:26. Komanso wansembe sankayenera kudzidetsa ndi mitembo, koma pano Mulungu akumuyendetsa Ezekieli uku ndi uku pakati pa mafupawo. Atafunsidwa ngati mafupawa angakhalenso ndi moyo, sanayankhe kuti inde kapena ayi. Anangoti Ambuye ndiwo akudziwa. Ine ndimaona kuti palibe yankho lina loona limene munthu akanapereka ataima m'chigwa chotero.

Ophunzira ambiri amadumpha mfundo yoti moyo ukubwera pawiri. Mneneri atanenera koyamba, kunamveka gobedegobede, fupa lililonse nkulumikizana ndi linzake, kenako mitsempha, mnofu ndi khungu. Matupi anakwanira bwinobwino koma anali gone, opanda mpweya. Anachita kuneneranso kachiwiri, kuitana mpweya kuchokera ku mphepo zinayi, mpamene anadzuka nkuimirira, gulu lalikulu lankhondo. Zikufanana ndi Genesis 2:7, pamene munthu anayamba waumbidwa, pambuyo pake nkuuziridwa mpweya. Tanthauzo lake lili pa vesi 14: kusonkhanitsidwa nkubwerera ku dziko sikokwanira ngati Mulungu saika mzimu wake mwa iwo. Uyerekeze ndi 36:26-27, pamene akulonjeza mtima watsopano ndi mzimu watsopano. Manda otsekulidwa a pa vesi 12 ndi 13 nawonso ndi fanizo la ukapolo womwewo.

Kodi zinachitikadi? Koresi mfumu ya Perisiya analanda Babulo mu 539, ndipo chaka chotsatira analola Ayuda kubwerera. Kachisi wachiwiri anamalizidwa cha m'ma 515. Koma si onse anabwerera, ndipo amene anabwererawo anakhalabe pansi pa ulamuliro wa Aperisiya. Nchifukwa chake mibadwo yotsatira inkawerenga mutuwu ikuyembekezerabe zina.

Tsono usakawadzudzule abusa aja kuti analakwitsa. Kuyambira kale, Ayuda ndi Akhristu omwe akhala akuona kuuka kwa akufa m'masomphenyawa, ndipo m'pomveka: Mulungu amene angadzutse mtundu wakufa sangalephere kudzutsa munthu. Kungoti umenewo ndi muyeso wachiwiri womangidwa pa woyamba. Ukafuna vesi la Chipangano Chakale lonena mosapita m'mbali za akufa kudzuka, pita pa Danieli 12:2.

Funsoli likabwera pa mayeso, yamba ndi ukapolo wa ku Babulo, tchula vesi 11, fotokoza magawo awiri aja, ndipo za kuuka kwa akufa uziike kumapeto. Tisanakumane Lachitatu uwerengenso 37:15-28, za ndodo ziwiri, ya Yuda ndi ya Yosefe, ndipo udzandiuze chifukwa chake vesi 11 likuti nyumba yonse ya Israele, osati Yuda yekha.

Ndine mphunzitsi wako wa Baibulo