Mutu 3: Njira Zomwe Zinatsatidwa Pofufuza Momwe Chimanga Chimachitira ndi Feteleza wa Yureya

3.1 Malo ndi nthaka

Kafukufukuyu anachitikira m'munda wa mlimi ku Mitundu, m'boma la Lilongwe, m'dzinja la 2022/2023. Mundawo unali utalimidwa chimanga zaka zitatu zotsatizana popanda manyowa. Munda wochokamo soya kapena mtedza unapewedwa dala, chifukwa nayitirojeni wotsalira m'nthaka akanabisa mphamvu ya feteleza. Tisanagalauze, tinatapa dothi pa malo 15 mozama masentimita 20, n'kulisakaniza. Nayitirojeni anayezedwa ndi njira ya Kjeldahl, fosiforasi ndi ya Mehlich 3.

3.2 Kayalidwe ka ndime

Milingo ya nayitirojeni inali isanu: makilogalamu 0, 23, 46, 69 ndi 92 pa hekitala. Mundawo unagawidwa m'mabuloko anayi odutsa chopingasa kutsetsereka kwa malo, ndipo m'buloko lililonse milingoyo inagawidwa mwamayere, ndime zonse n'kukhala 20. Ndime iliyonse inali ndi mizere 5 yotalika mamita 5, yotalikirana masentimita 75. Pakati pa mabuloko panasiyidwa njira ya mita imodzi.

3.3 Kubzala ndi kuthira feteleza

Mbewu ya SC 627 inabzalidwa pa 14 Disembala 2022, ziwiri paphando, mapando otalikirana masentimita 25. Zitamera tinapatulira kusiya imodzi, zomwe zimapereka mbewu 53,333 pa hekitala.

Feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn sanagwiritsidwe ntchito, ngakhale ndi amene alimi amathira. Kuwonjezera mlingo wake kukanawonjezeranso fosiforasi, potaziyamu ndi salifa, ndiye sizikanadziwika chomwe chakweza zokolola. M'malo mwake ndime zonse, kuphatikizapo ya 0, zinalandira magalamu 163 a feteleza wa fosiforasi wa TSP pobzala, ndipo nayitirojeni anachokera ku yureya yekha: magalamu 0, 94, 188, 281 ndi 375 pa ndime. Theka linathiridwa patatha masiku 7 chimanga chitamera, theka lina patatha masiku 28. Yureya ankathiridwa m'dzenje lozama masentimita 5 pakati pa mapando, n'kukwirira nthawi yomweyo. Akasiyidwa pamtunda padzuwa, nayitirojeni amauluka ngati mpweya. Ntchito iliyonse ya kupalira, kubandira ndi kupopera mankhwala a mbozi inkachitika tsiku limodzi m'ndime zonse.

3.4 Zoyezedwa

Zonse zinayezedwa m'mizere itatu yapakati, kusiya mapando awiri kunsonga iliyonse, pa malo a masikweya mita 9. Msinkhu unkayezedwa milungu iwiri iliyonse pa mbewu 10 zomangidwa ulusi, mpaka ngayaye zitatuluka. Pokolola tinawerenga mapesi ndi zisononkho, kenako chimanga chinatongoledwa, kuyezedwa pasikelo ndi kupimidwa chinyezi. Zokolola zinawerengedwa pa chinyezi cha 12.5%:

`Y = (W / 9) × 10000 × (100 − M) / 87.5`

Y ndi makilogalamu pa hekitala, W ndi makilogalamu a chimanga chotongola cha pa masikweya mita 9 aja, M ndi peresenti ya chinyezi chopimidwa.

3.5 Kusanthula manambala

Manambala anasanthulidwa ndi ANOVA, njira yoonera ngati kusiyana kwa zotsatira kuli kwenikweni, mu pulogalamu ya pakompyuta ya GenStat, ndipo milingo inasiyanitsidwa ndi njira ya LSD pa 5%.